Ndisaine kontirakiti ya nyumba kapena ndibwerere ku hositelo?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndatsala ndi masiku 5 kuti ndisankhe pogona chaka chino. Chaka chatha ndinali pa hositelo ya pasukulu, ndipo andipatsanso malo, bola nditsimikize lisanadutse Lachisanu. Koma anzanga atatu apeza nyumba kunja kwa kampasi, ya zipinda zinayi, aliyense chakechake, ndiye andikakamira kuti ndikhale wachinayi. Popeza pano tili m'mayiko osiyanasiyana, sinditchula ndalama zenizeni. Tingoti gawo langa la lendi kunjako ndi 100 pamwezi. Ku hositelo ndikagawa bwinobwino zikukwana 125 pamwezi, komanso m'chipinda timakhala awiri. Eni nyumba akufuna dipoziti ya miyezi iwiri tisanalowe, ndipo atitumizira kontirakiti ya masamba 6. Ndawerenga kawiri koma mutu sukugwira. Kodi 100 si yochepa kuposa 125? Nanga mtima ukundikayikitsiranji?

Yamikani: Achemwali tulukani, musachedwe. Ine hositelo inanditopetsa. Mnzako akuwerenga usiku wonse getsi lili ngwee, iwe ukufuna kugona. Mlendo akabwera mpaka kulembetsa pageti ngati wabwera kudzaona wodwala. Kunja muli ndi kiyi wanuwanu, palibe wokufunsani.

Mayi Nabanda: Tadala mwanawe, usanamvere za kiyi wakowako, tatsegula pepalalo undiyankhe zitatu. Ndagwirapo ntchito mu ofesi yoona zogona za ophunzira, ndiye mapepala otere adutsa ambiri m'manja mwanga. Kontirakitiyo ikuyamba tsiku liti ndipo ikutha tsiku liti? Pamalo posaina pali dzina lako lokha kapena onse anayi papepala limodzi? Madzi ndi magetsi alemba kuti alipira ndani?

Tadala: Zikomo amayi. Ndi ya miyezi 12 yathunthu. Maina tonse anayi tili papepala limodzi, ndipo lendi alemba ya nyumba yonse, 400 pamwezi, sanagawe. Madzi ndi magetsi ndi zathu. Anzanga amene akhalapo m'nyumba yotere akuti aliyense amasonkha pafupifupi 15 pamwezi. Ya hositelo ndi ya masemesita awiri, ndikawerenga ikukwana miyezi 9, madzi ndi magetsi zili momwemo.

Mayi Nabanda: Basi, mtima wako sunalakwe. Ukuyerekeza mwezi ndi mwezi, pomwe mapepala awiriwa sakukumanga nthawi yofanana. Ku hositelo 125 kwa miyezi 9 ndi 1,125, nkhani yatha. Kunja 100 kwa miyezi 12 ndi 1,200, chifukwa miyezi itatu ya holide lendi imayendabe ngakhale chipinda chili chokhoma, iwe uli kwanu. Uonjezere 15 ya madzi ndi magetsi pa miyezi 9 imene udzakhalemo, ndi 135, zafika 1,335. Thiransipoti sitinaike, ngati nyumbayo ili poti sungayende wapansi. Ndiye yooneka yotchipayo yaposa inzake ndi 210.

Palinso ndalama ya tsiku lolowa. Dipoziti 200 ndi lendi ya mwezi woyamba 100, uyenera kutulutsa 300 nthawi imodzi, ndipo 200 imeneyo sudzaionanso mpaka chaka chitatha.

Chikondi: Koma amayi apo mwaiponderezako nyumbayo. Ku hositelo holide ikafika amakutulutsani, katundu yense pamutu. Amene ali ndi atachimenti kapena kaganyu pafupi ndi sukulu amakasakanso chipinda kwina. Miyezi itatu ija si yotayika kwa aliyense.

Mayi Nabanda: Wanena zoona Chikondi. Tadala, holide yaikulu umakhala kuti?

Tadala: Chaka chino tili ndi atachimenti ya miyezi iwiri, koma sanatiuze kumene atitumize. Mwina pafupi, mwina kutali.

Mayi Nabanda: Ndiye werengera mbali zonse. Akakuika pafupi, uli wa pa hositelo, udzafunika chipinda cha miyezi iwiri. Ngati ungachipeze pa 100, zonse ndi 1,325. Uli m'nyumba ija uonjezera madzi ndi magetsi a miyezi iwiriyo, 30, zikhala 1,365. Apo zatsala pang'ono kufanana, ndipo chipinda chawekha chingakhale choyenera 40 imeneyo. Akakutumiza kutali, udzalipira kawiri, kumene uliko ndi kuno kumene wakhoma. Funsanso ku ofesi ya zogona ngati amalola a atachimenti kutsala pa holide, masukulu ena amalola pamtengo wapadera.

Koma ine ndalama izi sizikundiopsa kwambiri. Chikundiopsa ndi maina anayi papepala limodzi. Tafufuza ndime imene ikunena za udindo wolipira, uikopere pano mmene ilili.

Tadala: Ndime 4. Ikuti alendi onse ali ndi udindo pa lendi yonse ndi pa chilichonse chowonongeka, "onse pamodzi komanso aliyense payekha". Ine ndimaganiza kuti ikutanthauza kuti aliyense alipira gawo lake payekha.

Mphatso: Ayi ayi ayi. Mawu amenewo ndi amene anandiliza ine. Ndinawamva ngati mmene wawamvera iwemu, kuti payekha ndiye kuti zako ndi zako. Tanthauzo lake ndi lotembenuka: aliyense payekha angathe kufunsidwa ndalama yonse. Ife tinali atatu. Mnzathu wina mayeso a semesita yoyamba sanamuyendere, analongedza usiku n'kupita, foni osayankha. Eni nyumba sanavutike n'kumusaka komwe. Anabwera kwa ife otsala, makamaka kwa ine chifukwa ndine ndinkalipira pa nthawi yake. Ndinawauza kuti gawo langa ndapereka, iwo anangotulutsa pepala n'kuloza chala pa siginecha yanga. Mpaka lero ndikakumbukira chala chimene chija ndimapsa mtima.

Mayi Nabanda: Ndi momwemo. Kwa eni nyumba kulibe 100 ya Tadala, kuli 400 ya nyumba. Zogawana ndi zanu kumbali. Tiyerekeze kuti mmodzi wachoka itatha miyezi 5. Yatsala miyezi 7, ngongole yake ndi 700. Mukagawana atatu aliyense wasenza 233 ndi kanenepo pamwamba pa lendi yake. Awiri enawo akati alibe, pepala likulola eni nyumba kufuna 700 yonseyo kwa iwe. Ungathe kumutsata wothawayo kuti akubwezere, inde, koma imeneyo ndi nkhondo yako, eni nyumba sakhalamo.

Dipoziti nayonso imakhala mphika umodzi, 800 ya nyumba yonse. Wina akaswa chitseko cha chipinda chake, amadula mumphikamo osafunsa kuti 200 iti ndi ya ndani. Ku hositelo nthawi zambiri umasainira bedi lako lokha. Wogona naye akasiya sukulu, iwe sizikukhudza, kungoti malo ogawana akawonongeka wolakwa osadziwika, masukulu ambiri amagawira onse a pamalopo.

Bambo Phiri: Ndilowererepo monga kholo. Mwana wanga anandibweretsera tsamba limodzi kuti ndisaine ngati womuimira, akuti ndi mwambo chabe. Ndinapempha kontirakiti yonse. Ndinapeza kuti ndikasaina ndikuimira ngongole iliyonse ya mwana wanga pansi pa mgwirizanowo, ndipo popeza iye anamangidwa pamodzi ndi anzake, ine ndikanakhala ndikuimiranso ana a eni ake omwe sindinawaonepo nkhope. Ndinalemba ndi cholembera kuti ndikuimira gawo la mwana wanga lokha, mpaka ndalama yakutiyakuti, mpaka tsiku lakutilakuti, ndipo eni nyumba anasaina pambali pake. Tadala, ngati akufuna wokuimira, makolo ako uwapatse masamba onse 6, osati lomaliza lokha.

Tadala: Akufunadi, tsamba 6. Ndimati ndingowatumizira malume lokhalo. Ndachita manyazi.

Chikondi: Za dipoziti musade nazo nkhawa, njira yake ndi yosavuta. Miyezi iwiri yomaliza osalipira lendi, kuwauza kuti adule pa dipoziti. Ndalama yako wabweza wekha, palibe kuthamangitsana. Ine ndinatero ndipo zinayenda.

Limbani: Aise Chikondi, zinayenda chifukwa unapeza munthu wofatsa. Ine ndimayang'anira nyumba ya bambo anga, timasunga ophunzira, ndiye ndilankhule za mbali inayo. Dipoziti ndi chikole, si lendi yolipiriratu. Ukasiya kulipira miyezi iwiri, wasiya nyumba yopanda chikole pa nthawi imene chikufunika kwambiri, potuluka. Makontirakiti ambiri amaletsa zimenezo poyera, ena amaika chindapusa cha kuchedwa. Ndipo pa pepala la Tadala, iye akadya 200 yake mwa njira imeneyo, chilichonse chowonongeka chidzadulidwa pa ndalama za anzake. Ngati ukufuna kuti dipoziti ilowe m'malo mwa lendi yomaliza, pempha, agwirizane nazo polemba. Ena timavomera tikayendera nyumba n'kuona kuti ili bwino.

Chikondi: Nanga inuyo bwanji simubweza? Tisanamizane, eni nyumba ambiri dipoziti amadya tsiku lomwelo. Potuluka ndiye ayamba kuona tizipsera pakhoma timene analipo kale.

Limbani: Alipo otero, sindikana. Koma wophunzira amene walowa m'nyumba osalemba chilichonse wadzipereka yekha. Chaka chikatha, ndani angakumbukire ngati galasi la windo la kubafa linali long'aluka kale?

Mayi Nabanda: Apa ndiye pamene dipoziti imapulumukira kapena kufera, tsiku lolowa, osati lotuluka. Tadala, usanalowetse chikwama, yenda m'nyumba yonse ndi eni ake, pepala lili m'manja. Chipinda ndi chipinda, lembani zimene zilimo ndi mmene zilili. Usalembe kuti "matiresi alipo". Lemba kuti matiresi ali ndi banga lalikulu ngati chikhatho pakona ya kumutu, ndipo uwatembenuze uone kunsi. Tsegula mpope uliwonse n'kutseka, uone ngati ukudontha. Gejemula chimbudzi. Yatsa getsi lililonse, yesa soketi iliyonse ndi chaja ya foni. Yesa loko ndi kiyi, werenga makiyi amene wapatsidwa. Suntha kabati uone khoma kuseri kwake, chifukwa nkhungu ndi chinyontho zimabisala kumeneko. Jambula mita ya madzi ndi ya magetsi manambala akuoneka, kuti usalipire ngongole ya amene anatuluka.

Kenako nonse musaine pepalalo ndi deti, aliyense atenge lake. Zithunzi uwatumizire eni nyumba tsiku lomwelo pa uthenga, kuti pakhale umboni wa tsiku. Zithunzi zongokhala mufoni mwako angathe kunena kuti wajambula dzulo. Akakana kuyenda nawe, lemba wekha, uwatumizire, usunge uthengawo.

Mphatso: Ndipo lisiti ilembe kuti "dipoziti". Ine yanga inangolembedwa kuti "ndalama yalandiridwa". Potuluka anandiuza kuti theka linali yogwirira malo, yosabwezedwa.

Mayi Nabanda: Eya, ndi zinthu ziwiri zimenezo. Yogwirira malo umapereka usanasaine, kuti chipinda asapatse wina. Ukasintha maganizo kawirikawiri imapita. Ukalowa, iyenera kusanduka mbali ya lendi kapena ya dipoziti, ndipo zilembedwe. Tadala, pali imene mwapereka kale?

Tadala: Anzanga apereka 50 aliyense, ine sindinapereke. N'chifukwa chake akundithamangitsa. Pa za dipoziti, ndime 9 ikungoti idzabwezedwa "nyumba ikasiyidwa bwino". Palibe tsiku.

Mayi Nabanda: Ndime imeneyo ndi yoperewera. "Bwino" aweruza ndani? Pempha aonjezere zitatu: kuti ibwezedwa pasanathe masiku akutiakuti mutapereka makiyi, kaya 14 kaya 30 bola nambala ilembedwe, kuti chilichonse chodulidwa chibwera ndi mndandanda ndi malisiti, ndi kuti kutha kwa zinthu kobwera ndi kugwiritsa ntchito sikudulidwa. Chachitatuchi ndi chimene anthu amakanganirana. Penti kufwifwa, chogwirira chitseko kukhwepa, matiresi kulowa pakati, zimenezo lendi inalipira kale. Kuwotcha tebulo ndi simbi, kuboola khoma ndi misomali, kutaya kiyi, zimenezo ndi zako.

Ngakhale wawonongadi, sikuti uwagulire chatsopano m'malo mwa chakale. Tinene kuti matiresi otere amatha zaka 5, atsopano ndi 50, ndipo iwe wawapeza ali ndi zaka 4. Ukawawotcha, wawalanda eni ake chaka chimodzi chokha mwa zisanu, ndiye chilungamo chake ndi 10, osati 50. Kumene kuli mabungwe oweruza mikangano ya dipoziti amaganiza motere. Kumene kulibe, ndi mfundo yoti uime nayo pokambirana, ndipo imagwira ngati pepala lolowera lija linalemba kuti matiresi anali akale.

Limbani: Apo amayi ndikutsutsaniko. Pa msika sagulitsa gawo limodzi mwa magawo asanu a matiresi. Ine ndiyenera kutulutsa 50 yonse kuti wolowa m'malo agone. Matiresi a zaka 4 osamalidwa akanatha kufika zaka 7.

Mayi Nabanda: Mukatulutsa 50 mumatsala ndi matiresi atsopano omwe mudzachitire lendi zaka zina zisanu, achimwene. Mwana wokhalamo chaka chimodzi chokha asakugulireni zonsezo. Za zaka 7 zo tingakambirane, mwina 10 ikwere kufika 20, koma osati 50.

Limbani: Pa 20 tingamvane. Mwina.

Bambo Phiri: Kodi miyezi iwiri ya dipoziti si yochuluka? Lamulo limalola?

Mayi Nabanda: Zimatengera dziko, bambo. Ku England, kuyambira 2019, pa nyumba zambiri za lendi dipoziti siyenera kupitirira lendi ya masabata 5, ndipo eni nyumba ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30. Ku Germany malire ndi lendi ya miyezi itatu, ndipo wolowa ali ndi ufulu wopereka m'magawo atatu. Kwina chimene mwasainirana ndicho chimalamula kwambiri. Tadala afunse ku ofesi ya zogona kapena ku bungwe la ophunzira pasukulu pake, amadziwa lamulo la kumeneko, ndipo nthawi zina amadziwanso mbiri ya eni nyumba ozungulira.

Yamikani: Inu mwangolimbikira ndalama. Munthu akufuna mtendere. Kunja kulibe malamulo a chibwana aja.

Tadala: Achimwene Yamikani, mwina musekerere pang'onopang'ono. Ndime 14 ikuti tiyenera kutsata "malamulo a panyumba, omwe ndi mbali ya mgwirizanowu", ndipo eni nyumba angawasinthe nthawi iliyonse. Kuphwanya lamulo ndi chindapusa chodulidwa pa dipoziti. Malamulowo sanatipatse.

Mphatso: Hahaha. Mudzawapeza atamatidwa kuseri kwa chitseko cha kukhitchini mutalowa kale. Kwathu kuja anali oti mlendo asagone, geti ikhomedwa 9 koloko, ketulo ya magetsi ayi. Hositelo inali ndi ufulu kuposa pamenepo.

Mayi Nabanda: Usasaine zimene sunaone. Apereke malamulowo, amangiriridwe ku kontirakiti, musaine tsamba lililonse. Chindapusa chilichonse chikhale ndi nambala yake. Zosintha nthawi iliyonsezo pempha zisinthe, zikhale kuti lamulo latsopano likubwera polemba, ndi notisi, ndipo silikuonjezera ndalama. Uonenso ngati alemba za kulowa kwa eni nyumba m'zipinda. Chozolowereka ndi kudziwitsa pasadakhale, kawirikawiri maola 24, kupatula pa ngozi ngati moto kapena paipi yophulika.

Koma ndisakometse hositelo mopitirira. Malamulo ake mwina ndi ochuluka kuposa a kunja, ndipo ali ndi mano ena. Eni nyumba angakudule ndalama kapena kukutulutsa, koma maphunziro ako sangawakhudze. Ku hositelo amene akukusunga ndi yemweyo amene akukuphunzitsa. Mlandu wa kuchipinda ungafike ku komiti ya mwambo, ndipo m'masukulu ambiri ngongole ya hositelo ingatsekereze kulembetsa semesita yotsatira kapena kutenga zotsatira. Kuyendera zipinda nakonso kumakhala kololedwa m'malamulo awo. Ubwino wake ndi woti malamulowo ndi olembedwa, ndi amodzi kwa onse, ndipo pali kokadandaula. Werenganso ndime yotulukira ya hositeloyo. Ena ukatsimikiza malo n'kuchoka pakati pa semesita sabweza kanthu.

Tadala: Ya hositelo sindinaiwerengepo n'komwe, chaka chatha ndinangosaina pamzere. Ndikaitenga mawa. Madzulo ano ndilankhula ndi eni nyumba.

Tadala: Ndabwerako. Malamulo andipatsa, tsamba limodzi, si oopsa kwenikweni, kungoti mlendo wogona ndi masiku awiri pamwezi. Zoyendera nyumba limodzi ndi kulemba avomera mosavuta. Dipoziti avomera kulemba masiku 30 ndi malisiti. Koma zoti aliyense akhale ndi kontirakiti yake akana kwamtuwagalu, akuti anapsapo kale. Chimene alola n'choti wochoka angabweretse wolowa m'malo mwake, iwo akamuvomereza.

Limbani: Nanenso ndikanakana. Koma cholowa m'malocho ndi chabwino, bola alembe kuti sadzakana popanda chifukwa chomveka, ndiponso kuti watsopanoyo akasaina, dzina la wochokayo ndi la womuimira zichotsedwe. Apo ayi munthu umachoka koma ngongole ikukutsatabe.

Chikondi: Ndiye inu anayi lemberananinso kapepala kanu kumbali: aliyense 100, wochoka alipirabe mpaka atapezeka wina, wowononga alipira yekha. Musainirane.

Mphatso: Ife tinali nako kapepala kameneko. Munthu wopanda ndalama ndi wopanda ndalama, kapepala sikabereka. Kanandithandiza pokha poti makolo a mnzathu wothawa uja atakaona anabweza theka, patatha chaka.

Mayi Nabanda: Theka ndi kanthu. Kapepalako eni nyumba sikawamanga, koma kamakupatsa poyambira potsata mnzako. Tadala, funso latsala ndi lako, ife sitingaliyankhe: mwa atatuwo, alipo amene ukudziwa kuti fizi imamuvuta, kapena amene mayeso ake ali pa ulusi?

Tadala: Alipo mmodzi. Semesita yathayi analembetsa mochedwa chifukwa cha fizi. Ndi amenenso anapeza nyumbayo, ndipo wandilembera kale kuti ndikuchedwetsa anthu ndi mafunso anga. Ndimufunse bwanji zoterezi osadana naye?

Bambo Phiri: Usamufunse iwe. Uwauze kuti malume ako akufuna kudziwa omuimira a onse anayi asanasaine, ndipo aliyense aimire gawo la mwana wake. Ife akuluakulu kudedwa tinazolowera.

Limbani: Koma bambo, womuimira aliyense akangoimira gawo lake, ana anayiwo adakali omangidwa pamodzi pa ndime 4. Malume apulumuka, Tadala ayi.

Tadala: Ndaona. Malo a ku hositelo sindiwataya kaye, lero ndi Lachitatu. Pali amene anapemphapo ofesi ya zogona kuti imuonjezere masiku otsimikizira, n'kumulola?